Kwacha Yagwa Mphamvu: Nkhaniyi Ikutanthauzanji Pakhomo Panu?

    

Lero tikambirana nkhani imene imatifika tonse koma ambiri siitimveka bwino. Mwatsegula wailesi m'mawa, wowerenga nkhani akuti kwacha yagwa mphamvu. Atchula nambala, atchula dola, atchula banki yaikulu, kenako apita pa nkhani ya mpira. Inu mwatsala ndi funso limodzi lokha mumtima: nanga ine ndi ana angawa zitikhudza bwanji?

Funso limenelo ndi lomwe tiliyankhe lero. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani ya kwacha ikadutsa pakamwa pa anthu asanu, imafika kwa inu itasintha. Wina akuti zinthu zonse zikwera kawiri. Wina akuti ndalama za kubanki zatha ntchito. Ndiye tiyeni tiphunzire kuimva tokha nkhaniyi, ndi makutu athu.

Titenga chitsanzo chimodzi chimene ambiri mukuchikumbukira. M'mwezi wa Novembala 2023, banki yaikulu ya dziko lino inalengeza kuti kwacha yachepetsedwa mphamvu. Nyuzipepala ndi mawailesi zinati yagwa ndi 44 peresenti. Tigwira nkhani imeneyi ndi kuifunsa mafunso atatu. Mafunso omwewa mudzawagwiritsa ntchito tsiku lina lililonse mukadzamva nkhani yotere. Loyamba: mtengo wa dola wachoka pati ndipo wafika pati? Lachiwiri: mtengo umene akunenawo ndi wa kuti? Lachitatu: m'nyumba mwanga, ndi zinthu ziti zimene zili ndi dola mkati mwake?

Tiyambe ndi funso loyamba. Wachoka pati, wafika pati?

Ndalama nayonso ili ndi mtengo, monga tomato pamsika. Munthu wofuna kuitanitsa katundu kunja sangalipire ndi kwacha. Wogulitsa feteleza kutsidya kwa nyanja saidziwa kwacha yathu. Amafuna dola. Ndiye woitanitsa katunduyo amayamba wagula dola, kulipira ndi makwacha. Akamati kwacha yagwa mphamvu, akutanthauza kuti dola yakwera mtengo. Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Dola yomwe ija tsopano ikufuna makwacha ambiri.

Mu Novembala 2023, dola imodzi kubanki inali pafupifupi K1,180. Chilengezo chija chitabwera inafika pa K1,700. Mvetserani bwino nambala ziwirizi, chifukwa ndi zimene zili mutu wa nkhani yonse. Kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi K520. K520 imeneyi mukaiyerekeza ndi mtengo wakale uja, ndi pamene pakuchokera 44 peresenti.

Tsono apa ndi pamene ambiri tinasokonezeka. Titamva 44 peresenti, tinaganiza kuti ndalama yathu yatha pafupifupi theka. Kodi ndi zoona? Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu amene anali ndi K100,000 akanagula madola pafupifupi 85 pa mtengo wakale. Pa mtengo watsopano akanagula madola pafupifupi 59. Ataya madola 26 pa 85. Kumeneko ndi kutaya pafupifupi magawo atatu pa magawo khumi. Ndi chilonda chachikulu ndithu, koma sichinafike theka.

Mwaona? Chinthu chimodzi chomwecho chili ndi nambala ziwiri. Mukayang'ana kuchokera kwa dola, dola yakwera ndi 44 peresenti. Mukayang'ana kuchokera kwa kwacha, kwacha yataya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu yake yogulira dola. Zonse ziwiri ndi zoona. Zili ngati phiri: wokwera ndi wotsika amaliona mosiyana, koma phiri ndi lomwelo.

Achikulire mukukumbukira Meyi 2012, mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda. Nthawi imeneyo dola inachoka pafupifupi pa K168 kufika pa K250. Ena analemba kuti kwacha yagwa ndi gawo limodzi la magawo atatu, ena analemba kuti yagwa ndi pafupifupi theka. Palibe amene ananama. Ankangoyang'ana phiri kuchokera mbali ziwiri.

Ndiye phunziro loyamba ndi ili. Mukamva peresenti, musathamange nayo. Dikirani nambala ziwiri zija. Dola inali pa zingati? Tsopano ili pa zingati? Khotekhote ngwa njoka, utsata kumene kwaloza mutu. Mutu wa nkhani ndi mitengo iwiri imeneyo.

Tipite pa funso lachiwiri. Mtengo umene akunenawo ndi wa kuti?

Mwina mukudabwa kuti dola ingakhale bwanji ndi mitengo yoposa umodzi. Kuno kwathu zakhala choncho kwa zaka zambiri. Pali mtengo wovomerezeka, umene mumauona m'mabanki. Palinso mtengo wa kumsika wamseri, umene anthu amautcha bulakimaketi. Kugula kapena kugulitsa ndalama zakunja kumsika wamseri ndi kuphwanya lamulo, ndipo sitikulimbikitsa aliyense kupita kumeneko. Koma kuti timvetse mitengo ya m'sitolo, tiyenera kudziwa kuti msika umenewu ulipo.

Umabadwa bwanji? Ganizirani chaka cha njala. Pamsika wa boma alemba mtengo wotsika wa chimanga, koma chimangacho mulibe. Anthu agona pamzere, abwerera chimanjamanja. Mavenda ali nacho, koma pa mtengo wokwera. Kodi mtengo weniweni wa chimanga ndi uti? Ndi umene munthu akulipira kuti ana adye. Dola imayenda chimodzimodzi. Mtengo wolembedwa kubanki ukhoza kukhala wotsika, koma ngati dolayo kulibe, wamalonda amakaisaka kwina pa mtengo wokwera. Ndipo mtengo wokwerawo amauika pa katundu amene inu mumagula.

Nanga n'chifukwa chiyani dola imasowa? Yankho ndi lapafupi. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa kunja. Timagulitsa fodya, tiyi, shuga, soya, nandolo ndi mtedza. Timagula mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'chipatala, tirigu, makina ndi zovala. Madola otuluka akuposa olowa, ngati banja limene likudya kuposa zimene likukolola. Komanso madola athu amabwera mwa nyengo. Msika wa fodya ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu umatsegulidwa cha m'ma Epulo ndi kutsekedwa pakapita miyezi ingapo. Chakumapeto kwa chaka, pamene tikufuna feteleza wambiri, madola amakhala atachepa.

Mu 2023, chilengezo chisanabwere, zizindikiro zinalipo kale. Mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta inali yaitali. Amalonda ankadandaula kuti m'mabanki mulibe ndalama zakunja. Mtengo wa kumsika wamseri unali utasiya kutali wa kubanki. Banki yaikulu itasuntha mtengo wake, inali ikuyesa kuufikitsa pafupi ndi pamene msika unali utafika kale. M'mwezi womwewo wa Novembala bungwe la IMF linavomereza ngongole yothandiza dziko lino.

Izi zikutanthauza chiyani kwa inu? Zikutanthauza kuti zinthu sizikwera mofanana. Katundu amene eni ake ankagula kale dola pa mtengo wamseri anali atakwera kale chilengezo chisanabwere. Katundu wotere alibe chifukwa chokwereranso ndi 44 peresenti yonse. Koma katundu amene ankawerengedwa pa mtengo wa kubanki ndi amene amadumpha nthawi imodzi. Chitsanzo chachikulu ndi mafuta. Pasanathe masiku atatu, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Kukwera kumeneko kunali kofanana ndithu ndi mmene dola inakwerera.

Pali chinthu chinanso chimene tiyenera kunena mosabisa. Kuchepetsa mphamvu ya kwacha sikubala dola ngakhale imodzi. Ngati dziko silinayambe kugulitsa zambiri kunja, madola amapitiriza kusowa, ndipo mtengo wamseri umathawanso. Izi ndi zimene tinaona m'zaka zotsatira. Mtengo wa kubanki unakhala pafupifupi pamodzimodzi, koma katundu m'sitolo anapitiriza kukwera. Ndiye mukamva kuti kwacha yakhazikika, funsani kuti yakhazikika kuti. Funsani ngati amalonda akuipeza dola kubanki. Yang'anani ngati mafuta akupezeka popanda mzere. Zimenezi zimakuuzani zambiri kuposa nambala yolembedwa pakhoma la banki.

Tibwereze. Funso loyamba, dola yachoka pati ndipo yafika pati. Funso lachiwiri, mtengowo ndi wa kubanki kapena ndi umene amalonda akulipiradi.

Tsopano tifike pa funso lachitatu, limene ndi lanu lenileni. M'nyumba mwanga, ndi ziti zimene zili ndi dola mkati?

Mwina wina akuti, ine dola sindinaigwirepo chibadwire, indikhudza bwanji? Mayi anga, bambo anga, dola ili m'khitchini mwanu. Tiyeni tilowemo limodzi. Tengani buledi kapena mandasi. Ufa wake ndi wa tirigu, ndipo tirigu wambiri timagula kunja. Tengani mchere. Mchere wambiri umene timadya umachokera kunja. Tengani mafuta ophikira ndi sopo. Ngakhale botolo litadzazidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, zambiri zopangira zimadutsa pachipata cha dziko. Tengani panado, mabatire, kaunjika amene mwana wavala. Zonsezi zili ndi dola yambiri mkati.

Tsopano tengani mpiru wa kudimba, mbatata, nthochi, usipa wa kunyanja. Izi ndi zathu zomwe. Dola ilimo pang'ono. Koma musati mulibe. Usipa uchoke ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay kufika pamsika wanu, wakwera galimoto. Galimotoyo yamwa dizilo. Diziloyo wadutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo walipiridwa ndi dola. Tomato wa ku Ntcheu wadya feteleza ndi mankhwala a kunja. Chimanga chopita kuchigayo chikudalira magetsi kapena dizilo.

Chifukwa cha ichi, kugwa kwa kwacha kumafika pakhomo ngati madzi a mtsinje wosefukira. Sikumafika tsiku limodzi. Koyamba kumagunda mafuta ndi katundu wa kunja, m'masiku ochepa chabe. Kachiwiri kumagunda thiransipoti ndi chilichonse chokwera galimoto, m'masabata otsatira. Kachitatu kumafika pa lendi, pa fizi ya sukulu, pa mtengo wa telala ndi wometa, chifukwa nawonso akugula sopo yemweyo wokwera mtengo. Ndipo kwa mlimi kumafika mochedwa kwambiri. Amene walephera kugula feteleza wokwanira mu Novembala amadzaliona vutolo mu Epulo, nkhokwe itapanda kudzaza.

Tiyeni tiyerekeze ndi banja limodzi, longopeka, kuti tione mmene mungawerengere kwanu. Bambo ndi mlonda, mayi amagulitsa zitumbuwa. Pamodzi amagwiritsa ntchito K200,000 pamwezi. Akhala pansi madzulo ndi kope la mwana wa sukulu. Alemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere alemba zinthu zimene zili ndi dola yambiri: mafuta ophikira, sopo, mchere, buledi, mankhwala ndi minibasi. Apeza kuti zimenezi zimadya K80,000. Kumanja alemba zotsala: ufa, ndiwo zamasamba, makala, lendi ndi zina. Zimenezi zimadya K120,000.

Tsopano awerengera zoipitsitsa. Atenga kuti zonse za kumanzere zikwera mofanana ndi dola. K80,000 ija ifika pafupifupi K115,000. Ndiye kuti pakufunika K35,000 yoonjezera. Kenako ayang'ana za kumanja. Izi zikwera pang'onopang'ono. Angoyerekeza kuti m'miyezi yoyamba zikwera ndi gawo limodzi pa magawo khumi. Ndiye kuti K12,000 ina. Zonse pamodzi, banja limene limakhala ndi K200,000 tsopano lifuna pafupifupi K247,000 kuti likhale mmene linkakhalira.

Mwamva nambala imeneyo? Pawailesi anati 44 peresenti. Pakhomo pa banja ili, dzenje ndi la K47,000, pafupifupi gawo limodzi pa magawo anayi a ndalama zawo. Nambala ya pawailesi ndi ya dziko. Nambala ya pakhomo panu muyenera kuipeza nokha. Banja la m'tauni limene limakwera minibasi tsiku lililonse ndi kugula chilichonse lidzapeza dzenje lalikulu. Banja la kumudzi limene lili ndi chimanga chake m'nkhokwe lidzapeza dzenje laling'ono lero, koma lalikulu likulidikira pa thumba la feteleza.

Ndipo taonani chopweteka chenicheni. Mitengo imathamanga, malipiro amayenda pansi. Sopo amakwera lero, koma malipiro a mlonda uja akhoza kudikira miyezi yambiri. Pakati pamenepo ndi pamene mabanja amayamba kudumpha chakudya cha m'mawa, kapena kuthamangira katapila. N'chifukwa chake kudziwa kukula kwa dzenje msanga n'kofunika. Amene akudziwa kuti akusowa K47,000 amatha kusankha modekha chimene achepetse. Amene sakudziwa amangozindikira pa 20 kuti ndalama yatha.

Omvera, tiime pang'ono pa dandaulo limene timalimva nthawi zonse. Anthu amati, katunduyu anali kale pashelefu dzulo, anagulidwa pa mtengo wakale, n'chifukwa chiyani wakwera lero? Funso ili ndi lomveka, ndipo lili ndi mbali ziwiri.

Ganizirani mayi wogulitsa kaunjika. Anaoda belo pa mtengo wakale. Akagulitsa zovala zonse pa mtengo wakale, apeza ndalama yake ndi phindu pang'ono. Koma akabwerera kukaoda, apeza belo lakwera. Ndalama yonse ija, phindu lomwe, siikwananso belo limodzi. Mpamba wadyeka iye osadya kanthu. Ndiye wamalonda wanzeru amaika mtengo poyang'ana zimene adzalipire pokaoda mawa. Kumeneko si kuba. Inu amene muli ndi kabizinesi kakang'ono, gwirani mfundo imeneyi. Musanagulitse, funsani mtengo wa lero kumene mumaoda. Ambiri amatseka okala miyezi yotere chifukwa chosangalala kuti katundu akuyenda msanga, osadziwa kuti akugulitsa mpamba.

Koma mbali yachiwiri iliponso. Alipo amene amabisala kumbuyo kwa nkhani ya kwacha. Mungawazindikire bwanji? Gwiritsani ntchito zimene taphunzira. Ngati dola yakwera ndi zosakwana theka, katundu wa kunja sayenera kukwera kawiri chifukwa cha kwacha yokha. Ngati chinthucho ndi cholimidwa konkuno, chimene dola yake ili pa thiransipoti pokha, sichiyenera kukwera mofanana ndi dola. Ngakhale minibasi imene, mafuta ndi gawo chabe la zimene mwini wake amalipira. Mukaona mtengo wadumpha kupyola pamenepo, funsani, yerekezani ndi sitolo ina. Safunsa anadya phula.

Nanga alipo amene amapindula kwacha ikagwa? Alipo, ndipo nkhani zambiri zimawatchula. Mlimi wa fodya amagulitsa pa mtengo wa dola, choncho dola iliyonse imamupatsa makwacha ambiri. Banja limene mwana wawo ali ku Joni kapena ku Mangalande limalandira makwacha ochuluka pa ndalama yomweyo imene amatumiza. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani nthawi. Mu Novembala 2023 alimi anali atagulitsa kale fodya wawo pa mtengo wakale wa dola. Chilengezo chinawapeza akufuna kugula feteleza pa mtengo watsopano. Phindu linali la chaka chamawa, koma ululu unali wa tsiku lomwelo. Naye wolandira ndalama kuchokera ku Joni, makwacha ambiri aja amakawasiya m'sitolo momwe zinthu zakwera. Ndiye mukamva kuti ogulitsa kunja apindula, funsani kuti apindula liti, ndipo zipangizo zawo akugula pa mtengo uti.

Tinenepo za ndalama zosunga ndi ngongole. Ndalama yanu ya kubanki, ya pafoni kapena ya ku banki mkhonde siichepa nambala. K50,000 ikhalabe K50,000. Chimene chimachepa ndi katundu amene ingagule. Choncho ngati munkasungira chinthu chodziwika chimene chili ndi dola yambiri, monga feteleza kapena malata, ndipo ndalama yakwana, kuchedwa kumakudyerani. Koma musatenge ngongole ya katapila kuti muunjike katundu chifukwa cha mantha. Chiwongoladzanja cha katapila pamwezi umodzi chikhoza kuposa kukwera kwa katunduyo. Dziwaninso kuti zinthu zikamakwera, banki yaikulu kawirikawiri imakweza chiwongoladzanja, monga inachitira kumayambiriro kwa 2024. Amene muli ndi ngongole ya kubanki, kafunseni ngati chiwongoladzanja chanu n'chokhazikika kapena chimasintha. Ngati chimasintha, zobweza pamwezi zikhoza kukwera.

Tisanatseke, pali nkhani ina imene imabwera miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo imakwiyitsa anthu ambiri. Mudzamva kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imatulutsa nambala imeneyi mwezi ndi mwezi. Inu mupita kumsika, mupeza sopo sanatsike. Mukuti akutinamiza. Ayi, mvetserani bwino. Nambala imeneyo imayeza liwiro limene mitengo ikukwerera poyerekeza ndi chaka chatha. Ikatsika, ndiye kuti mitengo ikukwerabe koma pang'onopang'ono. Minibasi imene yachepetsa liwiro ikupitabe kutsogolo, siinabwerere m'mbuyo. Chimanga chimatsika nthawi yokolola, inde. Koma katundu wa m'sitolo amene wakwera chifukwa cha dola sabwerera kawirikawiri pa mtengo wakale. Madzi akatayika saoleka. Choncho musapange bajeti yanu modikira kuti mitengo yakale ibwerera. Pangani pa mitengo ya lero.

Okondedwa omvera, tiyeni timange mtolo wathu. Tsiku lina mudzamvanso kuti kwacha yagwa mphamvu. Tsiku limenelo musathamange, ndipo musangoti ndi za anthu a m'maofesi. Funsani funso loyamba: dola yachoka pati, yafika pati? Funsani lachiwiri: mtengowo ndi wa kubanki, kapena ndi umene amalonda akhala akulipira kale? Funsani lachitatu: pa ndalama zimene ndimagwiritsa ntchito pamwezi, ndi zingati zimapita ku zinthu zokhala ndi dola mkati?

Funso lachitatuli musadikire chilengezo. Madzulo ano, mukatha kudya, khalani pansi bambo ndi mayi, pamodzi ndi mwana wodziwa masamu. Mutu umodzi susenza denga. Tengani kope, lembani mzere pakati pa tsamba, za dola yambiri kumanzere, za konkuno kumanja. Lembani mitengo ya lero ndi deti lake. Mwezi wamawa mudzalembenso. Tsamba limenelo lidzakuuzani zoona za pakhomo panu kuposa mphekesera iliyonse ya pamsika.